Mtovu wa Chavi cha Ababa

Kwathu kuno ku chigwa cha Shire, munthu wovala jekete mu Okutobala ndi mlaliki kapena wamisala. Ababa sanali mlaliki, ndipo misala analibe. Koma tsiku lina anatsika pa njinga ya kabaza pageti la chipatala chimene ndimagwirako ntchito, dzuwa likuswa mtengo, atavala jekete lakuda lija anavala pa maliro a amayi, mabatani onse otseka. Ndinawaseka. Ndinati, "Ababa, mwabwera ku sikelo kapena kudzafunsira?" Iwo anangoti nkhalamba imamva mphepo yake.

Ndiyambe ndi pamene zinayambira. Ababa anali msodzi wa m'dambo lalikulu lija la Elephant Marsh, ife timangoti kudambo. Amayi atamwalira anatsala okha m'nyumba ya kumphepete kwa madzi, ndi bwato lawo, ndi chavi chawo, ukonde woponya uja wokhala ndi timiyala ta mtovu m'mphepete monse kuti uzimira msanga. Matenda a shuga anawapeza ali kale okalamba, ndipo anali kumwa mapiritsi a metifomini. Ine ndine mwana wawo mmodzi yekha wotsala. Ndimaona odwala ku chipatala cha kuboma, ndipo ndimakhala ndekha m'nyumba ya zipinda ziwiri. Mwamuna anapita ku Joni kukafuna ntchito, anakapezanso mkazi komweko. Mwana wanga anakwatiwa ku Lilongwe, amaimba foni akakumbuka. M'chipinda chachiwiri munkagona thumba la makala.

Munthu sulembera mankhwala bambo wako, ndiye ababa ankaonedwa ndi mnzanga wa kuntchito, bambo wofatsa amene amayendetsa kiliniki ya shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Iyeyo ndi amene anayamba kudandaula za impso. Anawatenga magazi, zotsatira zinabwera, anawachepetsera mapiritsi ndi theka. Ababa sanakonde. Nditapita kukawaona Loweruka, anandikhazika pansi pa msawu n'kunena kuti, "Iwe, tandiuza bwino. Mnzakoyu wayang'ana pepala, wadinadina foni, basi wandidulira mankhwala. Impso zangazo waziona ndi maso ati?"

Ndinatola kamtengo n'kusalaza dothi ndi phazi. Ndinawauza kuti minofu ya munthu imatulutsa zinyalala tsiku ndi tsiku, dzina lake kiriyatinini, ndipo impso zimazisefa n'kuzitayira mu mkodzo. Impso zikatopa, zinyalalazo zimachuluka m'magazi. Zawo zinali pa 1.4. Koma nambala imeneyo payokha sinena zonse, chifukwa munthu wa minofu yambiri amatulutsa zinyalala zambiri, nkhalamba yowonda imatulutsa zochepa. Nkhalamba ikafika pa 1.4, ndiye kuti sefa yake yafooka kwambiri kuposa ya mnyamata wa nambala yomweyo. N'chifukwa chake timawerengera pamodzi ndi zaka ndi makilo.

Ndinalemba 140 padothi, ndinachotsapo zaka zawo, 76, panatsala 64. Ndinachulukitsa ndi makilo awo, 54, zinakwana 3,456. Pansi pake ndinalemba 72 kuchulukitsa ndi 1.4 uja, zimene ndi 100.8. Kugawa cha pamwamba ndi cha pansi, tinapeza 34. Ndinati awo ndi mamililita a magazi amene impso zanu zikuyeretsa pa mphindi imodzi. Akanakhala amayi, tikanachulukitsanso ndi 0.85, poti minofu ya mkazi imachepa. Mnyamata wodula nzimbe wa zaka 25, wa makilo 70, magazi ake atakhala pa 1.4 yemweyo, akanapeza 80.

"Ndipo ya pafoni ija?" anafunsa, poti makutu awo sankataya kanthu. Anamva mnzanga akutchula 52.

Ndinawauza kuti imeneyo ndi njira ina, timaitcha eGFR. Imafunsa kiriyatinini, zaka, ndi kuti munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi, koma makilo siifunsa. Imangoyesa kuti aliyense ali ndi thupi la pakatikati. Kwa anthu ambiri imagwira bwino ntchito, ndipo ndi imene timaona nayo pamene matenda a impso afika. Koma kwa nkhalamba yowonda ngati iwo imakometsa zinthu, ndiye poyeza mankhwala timadalira kwambiri iyi ya makilo.

Kenaka ndinajambula mzere n'kulembapo 30. Ndinati mukatsika apa, metifomini tisiya, chifukwa impso zikalephera kumutaya amaunjikana m'thupi ndipo angathe kuwawasitsa magazi mpaka kupha. Mapiritsi ena a shuga amene timakhala nawo ndi oopsanso kwa impso zotopa, amagwetsa shuga munthu n'kukomoka. Chotsala ndi jakisoni wa insulini, tsiku lililonse.

Apa panalibe chofotokoza. Maso a ababa anali atachita ng'ala, timizere ta pa jakisoni sakanationa. Kudya kwawo kunali kwa msodzi, lero m'mawa, mawa masana, mkuja osadya. Munthu wotero sungamusiyire insulini ali yekha, n'kumapalasanso bwato pakati pa mabango pamene palibe womuona akagwa. Kutsika pa 30 kunatanthauza kutseka nyumba yawo n'kubwera kwa ine.

Anayang'ana padothipo nthawi yaitali, atayandikitsa nkhope. Kenaka analoza ndi chala chakumwendo, kumodzikumodzi. "Zakazi sindingazibweze. Magaziwa sindingawauze zochita. Koma izi zili pamwambazi, makilowa, akachuluka nambala ikwera?"

Ndinati eya, papepala ikwera.

"Pyadidi," anatero m'Chisena cha amayi awo, kutanthauza kuti chabwino, n'kufufuta zonse ndi phazi.

Ndiye pamene anabwera ndi jekete lija, patapita miyezi ingapo, sikelo inati makilo 52. Magazi anali atakwera pang'ono, 1.5. Mnzanga anawerengera ndili pomwepo: 64 kuchulukitsa ndi 52, ndi 3,328, kugawa ndi 108, yankho 30.8. Anapukusa mutu n'kunena kuti, "Agogo, mwapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Pitirizani theka lomwelo, muzimwa madzi ambiri, mukatsegula m'mimba kapena kusanza musiye kaye mapiritsi, ndipo mubwerenso mwezi wamawa." Ababa anawomba m'manja mwaulemu, "Takhuta, takhuta," n'kutuluka akuyenda motang'adza ngati munthu wa chithupsa. Ine zinandivuta mumtima. Nkhope imeneyo inali itagwa, khosi linali litatsala mitsempha, wotchi inkatsetsereka mpaka pachigongono. Makilo awiri okha? Ndaona anthu ambiri akuwonda, maso anga amadziwa kuyeza.

Ndinena mosabisa, tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba wokhumudwa, ndipo sindinadziwe kuti chandikhumudwitsa n'chiyani kwenikweni. Kuti ababa akudwala, kapena kuti sakubwera? Chipinda chija ndinali nditachisesa kale. Makala ndinali nditawatulutsa.

Loweruka lotsatira ndinapita kudambo. Ndinawapeza kulibe, anali kwa mnansi wawo, msodzi mnzawo amene ankawathandiza kukoka bwato. Ndinakhala pansi pa msawu kuwadikira. Chavi chinali chopachikidwa panthambi monga mwa masiku onse, koma china chake sichinali bwino, ndipo ndinayang'ana nthawi ndisanachizindikire. Chinkauluzika. Ndinakulira pansi pa ukonde umenewo, ndipo sindinauonepo ukugwedezeka ndi mphepo, umalendewera chilili chifukwa cha mtovu. Ndinanyamuka n'kugwira m'mphepete mwake. Munalibe kamwala ndi kamodzi komwe, ulusi wokhawokha wodulidwa bwinobwino ndi mpeni.

Atabwera ndinawafunsa. Anati akuchikonza, mtovu wina unali utatha. Sanandiyang'ane. Ndinafunsa kuti nanga nsomba akugwira ndi chiyani. Anati mbedza zilipo, ndipo kodi ndabwera kudzacheza kapena kudzafufuza ngati wapolisi? Ndinaphika, tinadya mlamba wowamba umene anapatsidwa ndi mnansi uja, tinakamba za mvuu zimene zinadya mbatata za anthu kudimba. Pobwerera, pa kabaza, ndinalira ndi mkwiyo, woyendetsa mpaka anafunsa ngati kuli maliro.

Tsiku la kiliniki linafika, jekete linafikanso. Sindikanawachititsa manyazi pamzere, pamaso pa amayi a mipango ndi azibambo a ndodo amene ankawadziwa. Ndinanyamula sikelo ija n'kulowa nayo m'kachipinda kobayira, ndinawaitana, ndinatseka chitseko.

"Ababa, vulani jekete."

"Mphepo."

"Mphepo yanji thukuta likuchita kuyenderera m'makutu? Vulani, chonde. Ndi malaya omwe."

Anandiyang'ana ndi maso awo otuwa aja. Ndinaganiza kuti akalipa. Koma anayamba kumasula mabatani pang'onopang'ono, ndipo m'chiuno munali chimene ndinkadziwa kale. Mtovu wonse wa chavi anautunga pa chingwe cha nayiloni, kamodzikamodzi, mongopapasa, n'kuzunguliza m'mimba kangapo, n'kukulunga ndi chitenje chakale cha amayi kuti usalire poyenda. Anayenda nawo pa kabaza ulendo wonse uja, m'mabampu, padzuwa. Pamene anaumasula, khungu linali ndi timaenje tofiira mzere wonse, pena potupa. Munthu wa shuga! Chilonda chimodzi chokha pamenepo chikanatipatsa ntchito ya miyezi.

Ndinakalipa. Ndinati, "Mukunamiza ndani? Ine? Sikelo? Impsozo zikumva kuti mwavala mtovu? Makilo timawaika m'masamu chifukwa akuimira minofu, ababa, minofu! Mwala sutulutsa kiriyatinini. Mwandiyesa wogula thonje, woti muzimubisira miyala m'thumba?"

Anaseka pang'ono pa mawu a thonjewo, kuseka kopanda mphamvu, n'kukwera pasikelo ndi buluku lokha. Makilo 48. Nthiti zonse zinkawerengeka.

Magazi anabwera pa 1.5 pomwe paja. Mnzanga analowa, anaona mulu wa mtovu patebulo, sanafunse kanthu, munthu wamakhalidwe. Anangowerengera mokweza kuti ababa amve: 64 kuchulukitsa ndi 48, ndi 3,072, kugawa ndi 108, yankho 28.

"Nanga pafoni?" anatero ababa. "Tadinani ya pafoni ija."

Mnzanga anadina. Inati 48.

Apo ndiye ababa anatembenukira kwa ine, osati kwa iye. "Waona? Nambala zilipo ziwiri. Ina ikuti ndikhale kwathu, ina ikuti ndipite kwako. Iwe wasankha yopita kwako. Ukuganiza kuti sindidziwa kuti m'nyumba mwako mulibe woyankhula naye? Usandisandutse wailesi, mwanawe."

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa theka lake linali loona. M'nyumba mwanga munalibedi woyankhula naye. Koma nambala sindinasankhe ine.

Anayankha ndi mnzanga. Anakhala pampando n'kuwayandikira. Anati, "Agogo, mwana wanuyu ndimutulutse panja, ndilankhule ine? Ya pafoniyi ikuganiza kuti muli ndi thupi ngati langali. Siinakuoneni mutavula malaya. Ine ndakuonani. Komanso 30 si khoma, kuti 31 ndi moyo, 28 ndi imfa, ayi. Chimene chikundiopsa ndi kumene nambala ikulowera. Inali 34, lero ili 28, ndipo thupi likutha. Kunja kukutentha chonchi, mutsegule m'mimba tsiku limodzi muli nokha kudambo, impso ziime, mapiritsi ali m'thupi. Adzakupezani ndani? Ine sindilembanso metifomini. Mukafuna kudana ndi munthu, danani ndi ine."

Ababa anati, "Nkhabe," ayi wa m'Chisena, motsitsa, kawiri. Kenaka anayamba kuvala malaya.

Tinawasamutsa sabata yomweyo. Katundu wake sanadzaze ngakhale ngolo: mphasa, Baibulo limene sankathanso kuwerenga, chavi, ndi mtovu uja m'chitini. Bwato tinalikokera pamtunda pansi pa msawu, analivundikira okha ndi mabango. Mnansi uja atapempha kuti azilibwereka, ababa anakana. Anati akubwera posachedwa.

Magetsi kwathu ndi a mwayi, ndiye insulini ndinkaisunga m'kabotolo kotseka bwino, m'mphika wadothi wokhazika mu mchenga wonyowa, kuseri kwa chitseko kumene dzuwa silifika. M'mawa ndinkawabaya ndisanapite kuntchito, madzulo ndikaweruka. Ankangopereka mkono kapena ntchafu. Shuga anakhazikika, zilonda za m'chiuno zinapola. Koma zimene ndinkayembekeza, zoti madzulo tizikhala pakhonde tikukamba za kale, sizinachitike. Ankakhala pakhondepo, inde, koma atatembenuzira mpando kumpoto, kumene kuli dambo. Ine ndinkakhala pakhomo la khitchini ndikusankha nyemba. Ndinali ndisanadziwe kuti nyumba ya anthu awiri ingathe kukhala chete kuposa ya munthu mmodzi.

Chimene chinasintha n'kudya. Munthu amene moyo wake wonse ankatola chakudya ngati mbalame anayamba kumaliza mbale, n'kufunsa ngati kwatsala. Ndinasangalala masiku oyamba, mpaka tsiku limene anandifunsa ndikutsuka mbale, osanditembenukira.

"Pa 1.5 paja, kuti ifike 30, pafunika makilo angati?"

Ndinawerengera m'mutu, 30 kuchulukitsa ndi 108, kugawa ndi 64. Ndinati 51.

"Atatu basi," anatero.

Ndinayesa kuwauza kuti sizili choncho. Insulini imabwezeradi thupi, koma kunenepa sikuchiritsa impso, ndipo ngakhale nambala itakwera pang'ono, mnzanga sangabwerere ku mapiritsi aja. Anati, "Unandiphunzitsa wekha padothi. Zapamwamba zikachuluka, nambala ikwera. Ulendo uno ndi nyama yangayanga, si mtovu." Ndinawasiya. Mwina ndikanalimbikira, koma ndinaona kuti makilo atatu amenewo ndiwo ankawadzutsa m'mawa. Masana ndili kuntchito ankabwezera mtovu ku chavi, mongopapasa, ndipo ndikabwera ndinkapeza mbali ina yalemera.

Mvula inabwera, Shire anadzaza, chaka chinatembenuka. Mankhwala oyezera magazi anasowa kwa kanthawi ku labu, ndipo atabwera ndinapita nawo ababa ku kiliniki. Ulendo uno anavula okha malaya asanauzidwe, nsapato zomwe, anatulutsa ndi matumba a buluku kunja kuti ndione. Anakwera pasikelo ngati mwana wopita kukalandira mphotho. Makilo 50. Anandiyang'ana akumwetulira, koyamba chibwerereni kwanga. "Yatsala imodzi."

Zotsatira zinatuluka masana. Mnzanga anandipatsa kapepalako pakhonde la labu, n'kundigwira paphewa. Kiriyatinini anali pa 1.7.

Ndinawapeza atakhala pa benchi pansi pa mtengo wa nimu, kunja kwa kiliniki, anthu onse atapita. Ndinakhala pambali pawo. Anati, "Usandiuze yankho lokha. Lemba pansi ngati paja."

Ndinatola kamtengo. Ndinalemba 140, ndinachotsapo 77.

"Bwanji 77?"

"Chaka china chadutsa, ababa."

"Oho," anatero. "Chimenecho ndinachiiwala."

Panatsala 63. Kuchulukitsa ndi 50, ndi 3,150. Pansi, 72 kuchulukitsa ndi 1.7, ndi 122.4. Manambalawo iwo sankawaona, ankangomvetsera. Yankho linali pafupifupi 26.

Gulugufe wina ankatera pa madzi otayika pampopi, ndipo ndinkayang'ana iyeyo kuti ndisayang'ane nkhope yawo.

"Ndiye tsopano pafunika angati?"

Sindinafune kuwerengera, koma anali kudikira. Ndinati 59.

"Makilo 59," anabwereza pang'onopang'ono. "Amenewo ndinali nawo ukubadwa iwe. Ndinkapalasa kuchoka kwathu mpaka ku Chiromo osapuma." Anasisita maondo awo ndi manja onse awiri. Ndinkayembekeza kuti anenanso za foni, kapena za wailesi, ndipo ndikanakonda atatero, atandikalipira. Sanatero. Anafunsa ngati ndili ndi mayunitsi m'foni.

Ndinati ndili nawo.

"Muimbire mnansi wanga uja, msodzi mnzanga. Umuuze akatenge bwato, alibwezere m'madzi lisanang'aluke. Asabwereke, atenge. Chavi ndachimaliza dzulo, ukapita Loweruka umutengere."

Ndinaimba ali pomwepo, koma ndili pakati anatenga foniyo n'kumaliza okha, mofatsa, mpaka kumuuza pamene bwatolo limalowa madzi. Atamaliza anandibwezera foni, anagwira mkono wanga podzuka, ndipo sanausiye mpaka pageti. Anali opepuka kwambiri. Titafika kunyumba ndinalowa kukatenga insulini m'mphika muja, ndipo potuluka ndinapeza akukoka mpando wawo, kuuchotsa kumene unkayang'ana, n'kuuika pafupi ndi khomo la khitchini pamene ndimasankhira nyemba.